Mtengo wa Chimanga kwa Mburuma, Kuyambira pa Kholola Mpaka mu Januwale

Mtengo wa chimanga mu Zambia umayenda ndi nyengo. Umatsika kwambiri pakati pa Meyi ndi Julaye, anthu akamakolola ndi kutonola, kenako umayamba kukwera pang'onopang'ono, n'kufika pachimake cha mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitagona ndipo chimanga chatsopano chisanakhwime. Alimi ang'onoang'ono ambiri amagulitsa m'miyezi ya mtengo wotsikayo, ndipo ena mwa iwo amabwereranso kumsika m'miyezi ya njala kukagula chimanga kapena ufa pa mtengo wokwera. Khalidweli limaoneka ngati kusaganiza bwino, koma pafupifupi mlimi aliyense amadziwa kuti mtengo udzakwera, chifukwa wakhala akuuona ukukwera kuyambira ali mwana. Chofunika kufufuza ndi chimene chimamukakamiza kugulitsa ngakhale akudziwa zimenezo, ndiponso ngati uthenga wa mitengo ndi kasungidwe kabwino zingamasule dzanja lakelo.

Dera la Mfumu Yaikulu Mburuma, ya Ansenga a Luzi, lili m'boma la Luangwa, kum'mawa kwenikweni kwa chigawo cha Lusaka. Boma limeneli kale linkatchedwa Feira, mawu a Chipwitikizi otanthauza msika, chifukwa pamathiriro a Luangwa mu Zambezi panali malo a malonda a Apwitikizi, moyang'anana ndi Zumbo, tsidya la Mozambique. Ndi chigwa chotentha, chimene mvula yake kawirikawiri sifika mamilimita 800 pachaka ndipo imadula nthawi iliyonse. Anthu amalima chimanga ndi mapira kumtunda, amadzala m'madimba a m'mbali mwa mtsinje madzi akaphwera, amapha nsomba, amaluka mphasa, amaweta mbuzi ndi kutola masau. Njovu ndi mvuu zimadya nawo za m'munda. Kuno si kumene kumachokera chimanga chodyetsa dziko, monga ku Mkushi, ku Kalomo kapena ku Petauke. Zaka zambiri boma lonselo limakolola chosakwana kudya chaka chathunthu, ndipo mfundo imeneyi ndiyo imapanga mitengo ya kuno kukhala yolumpha kuposa ya kumtunda.

Mtunda umadya mbali ziwiri

Kuchokera ku Lusaka kufika pa mlatho wa Luangwa, pa msewu waukulu wa kum'mawa, ndi makilomita pafupifupi 230, ndipo kuchokera pamphambano ya pafupi ndi mlathowo kutsikira ku boma ndi ena pafupifupi 90. Msewu wotsikirawu unaikidwa phula m'zaka za m'ma 2010, koma midzi yambiri ili patali ndi phulalo, ndipo thumba limayamba ulendo wake pa njinga, pa ngolo kapena pamutu. Kilomita iliyonse ili ndi mtengo, ndipo amene amaulipira amasintha malinga ndi kumene chimanga chikulowera.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti kawerengedwe kaoneke. Tinene kuti mu Juni chigayo chachikulu cha ku Lusaka chikugula thumba la makilogalamu 50 pa K300. Wogula amene waima ndi sikelo m'mudzi wa kwa Mburuma amayamba ndi K300 imeneyo n'kumachotsera. Kutulutsa thumba m'mudzi kufika pa phula, K10. Lole ya ku Lusaka, K45. Thumba lopanda kanthu, onyamula ndi msonkho wa khonsolo, K15. Chimanga chimene wagula chisanaumitsitse chidzapepuka panjira, ndipo amachotserapo K10. Phindu lake, K20. Mlimi amatsala ndi K200.

Pofika mu Januwale chimanga cha m'deralo chatha, ndipo malole asintha njira. Tinene kuti ku Lusaka mtengo wakwera ndi 20 peresenti, wafika pa K360. Kuti thumba lifike m'mudzi womwe uja, zolipira zija tsopano zikuwonjezedwa pamwamba, ndipo mtengo ungayandikire K460. Ku Lusaka chimanga chakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, pamene m'mudzi chakwera kupitirira kawiri. Palibe amene wabera wina pa kawerengedwe kameneka. Dera limene limatulutsa chimanga miyezi itatu n'kumaitanitsa miyezi ina limalipira mtunda popita ndi pobwera. Zoona zake n'zakuti mtengo wa mu Januwale sufika nthawi zonse pamwamba chotero, chifukwa chimanga chingabwere kuchokera kufupi, monga ku Rufunsa kapena ku Nyimba, chingawoloke pa bwato kuchokera ku Mozambique, ndipo nthawi zina boma limatulutsa cha m'nkhokwe zake kapena kugawa chakudya cha chithandizo. Koma mpata wa pakati pa mitengo iwiriyo ndi waukulu kwambiri kumadera akutali ndi msika, ndipo mkati mwa mpatawo ndi mmene nkhani yonse ya kusunga ndi ya uthenga wa mitengo imachitikira.

Chimene chimagulitsitsa mlimi mu Juni

Chifukwa choyamba ndi ndalama. Banja lolima limalandira ndalama zambiri kamodzi pachaka, koma zofunika zake zimabwera mwezi uliwonse, ndipo zimene zinaimikidwa kuyambira mu Disembala zonse zimadikirira kholola. Ngongole ya feteleza, kaloba amene anatengedwa mwana atadwala, ya kugolosale, ya amene anathandiza kupalira, zonsezi eni ake amadziwa tsiku limene chimanga chalowa pakhomo. Sukulu za boma zinasiya kulipiritsa mu Januwale 2022, komabe yunifolomu, makope, ulendo ndi zofunika za mwana wogonera kusukulu zimafuna ndalama, ndipo teremu yachiwiri imatsegulidwa mu Meyi, yachitatu mu Sepitembala. Mlimi amene alibe kokongola pa chiwongola dzanja chochepa amasandutsa chimanga kukhala banki yake. Kugulitsa thumba pa K200 n'kudzaligulanso pa K340 n'chimodzimodzi kukongola K200 n'kubweza K340, ndipo poyerekeza ndi kaloba ngongole imeneyo ndi yotsikirapo.

Umboni wooneka bwino wa zimenezi unachokera ku Malawi. Mu 2010 boma la dzikolo linasuntha chiyambi cha chaka cha sukulu kuti chizikhala mu Sepitembala, pamene kale chinkakhala kumapeto kwa chaka kapena mu Januwale. Katswiri wa zachuma Brian Dillon anayerekeza mabanja asanasinthe ndi atasintha kalendala, ndipo anapeza kuti mabanja osauka okhala ndi ana a sukulu anayamba kugulitsa zokolola zawo msanga, mitengo isanakwere. Nkhokwe zawo zinali zomwezo, ndipo zimene ankadziwa za msika zinali zomwezo. Chinasuntha ndi tsiku lofunika ndalama, ndipo tsiku logulitsa linatsatira.

Chifukwa chachiwiri ndi kuopa kutaya. Chimanga chosatetezedwa chimafumbwa, makamaka m'chigwa chotentha, mmene tizilombo timaswana msanga. Kuwonjezera pa nankafumbwe wamba, pali kachilombo koboola kamene kanachokera ku Central America, kanayamba kuoneka ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo kanalowa mu Zambia m'zaka za m'ma 1990. Kameneka kamaboola chimanga chapachitsononkho ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, n'kusiya ufa wokhawokha. Mbewu za haibulidi, zimene maso ake ndi ofewa ndipo makoko ake sakuta bwino nsonga, zimafumbwa msanga kuposa chimanga cha makolo. Kuchigwa kuno palinso mdani amene mabuku ambiri a zaulimi samutchula: njovu imagwetsa nkhokwe ya nsungwi n'kudya za miyezi ingapo usiku umodzi. Ndipo pali kutaya kwina kumene sikuwerengedwa pa sikelo. Matumba ooneka pakhomo amaitana abale, maliro ndi opempha, ndipo kukana m'bale chimanga chili poonekera n'kovuta kuposa kunena kuti ndalama zatha.

Chifukwa chachitatu ndi kuchepa kwa ogula. M'mudzi mmene mwabwera munthu mmodzi ndi sikelo, mlimi wa matumba atatu alibe pothawira, chifukwa kuwanyamula yekha kukafuna wogula wina kungamudyere phindu lonse. Malonda a pa meda ndi pa thini amawonjezera vuto, popeza meda yodzaza mosefukira ndi yodzaza mofafaniza zimalipidwa mofanana, ndiponso kusinthanitsa chimanga ndi zitenje, mapoto kapena mchere kumabisa mtengo weniweni. Komabe ogula a m'midziwa sayenera kusenza mlandu wonse. Nicholas Sitko ndi Thomas Jayne, atafufuza malonda a chimanga m'midzi ya mu Zambia, Malawi, Mozambique ndi Kenya, anafalitsa mu 2014 zotsatira zosonyeza kuti m'midzi yambiri ogula amakhala angapo, ndipo kusiyana kwa mtengo wa pakhomo ndi wa kumsika wapafupi n'kochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Wa sikelo amalipira pompopompo ndipo amafika pakhomo, ndipo ziwirizo ndi zimene mlimi wa mu Juni akufuna.

Bungwe la boma logula chakudya chosungira, la FRA, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, patapita zaka zingapo NAMBOARD itathetsedwa mu 1989. Mtengo wake kawirikawiri umaposa wa ogula a m'midzi pa nthawi ya kholola: unali K280 pa thumba mu 2023, K330 mu 2024 ndi K340 mu 2025. Koma bungweli limafuna chimanga choyera, chopetedwa, chimene chinyezi chake sichiposa 12.5 peresenti, motero madepoti ake amayamba kulandira patapita milungu anthu atakolola. Mlimi amanyamula yekha matumba kukafika pa depoti, ndipo zaka zina malipiro akhala akuchedwa milungu kapena miyezi. Amene ali ndi matumba ambiri ndiponso chopirira nacho amapindula. Amene ngongole yamuima pakhomo mu Meyi amakhala atagulitsa kale depoti isanatsegule.

Zimene uthenga wa mitengo umachita

Boma litasiya kulamula mitengo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, panafunika njira yodziwitsa anthu mmene misika ikuyendera. Unduna wa Zaulimi unakhazikitsa ofesi yotolera mitengo ya m'maboma, ya AMIC, imene inkafalitsa zopeza zake m'timapepala ndi pa wailesi. Cha m'ma 2006 bungwe la alimi la ZNFU linayambitsa njira ya pa foni ya m'manja: mlimi ankatumiza uthenga wachidule ku nambala 4455, wotchula mbewu ndi dera, n'kulandira mitengo ya ogula amene akupereka zambiri, kenako n'kupempha nambala ya wogula amene wamusankha. Lero uthenga wambiri umayenda mosalemba, poimbira m'bale amene ali ku msika wa Soweto ku Lusaka kapena kufunsa woyendetsa lole.

Nkhani yotchuka ya phindu la foni ndi ya asodzi a ku Kerala, ku India, imene Robert Jensen anafalitsa mu 2007. Mafoni atafika m'mbali mwa nyanja pakati pa 1997 ndi 2001, asodzi ankaimba akadali pamadzi n'kulunjika kudooko kumene kuli ogula. Mitengo ya m'madooko osiyanasiyana inayandikana, nsomba zotayidwa chifukwa chosowa wogula zinatha, phindu la asodzi linakwera ndi pafupifupi 8 peresenti ndipo ogula ankalipira zocheperapo. Ku Niger, Jenny Aker anapeza kuti mafoni anachepetsa kusiyana kwa mitengo ya mawere pakati pa misika ndi 10 mpaka 16 peresenti. Koma kumeneko amene ankagwiritsa ntchito uthengawo anali amalonda okhala ndi malole. Ndipo ku Maharashtra, ku India komweko, Marcel Fafchamps ndi Bart Minten anapatsa alimi ena uthenga wa mitengo pa foni, ena osawapatsa, ndipo mu 2012 anafalitsa kuti mtengo umene magulu awiriwo ankalandira sunasiyane kwenikweni. Ambiri anapitiriza kugulitsa kumsika womwe ankagulitsa kale.

Zotsatira zitatuzi sizikutsutsana. Msodzi wa ku Kerala anali kale m'boti, ndi madooko angapo patsogolo pake, ndipo kusankha lina kunali kungokhotetsa. Uthenga umasanduka ndalama pamene woulandira angathe kusintha malo ogulitsira, tsiku logulitsira kapena munthu womugulitsa. Kwa Mburuma, wamalonda wa nsomba zouma, wa mbuzi kapena wa masau, amene akusankha pakati pa kugulitsa pa mlatho wa Luangwa ndi kupitirira ku Lusaka, ali pafupi ndi msodzi uja. Mayi wa matumba atatu a chimanga ndi ngongole ya mawa ali kutali naye.

Palinso msampha mu uthenga womwewo. Mtengo womveka pa wailesi ndi wa chimanga chouma, chopetedwa, chofika pachipata cha wogula, nthawi zambiri chochuluka ngati lole yathunthu. Mlimi amene wamva K300 n'kukana K200 ya pakhomo, osachotsera mtunda, angatsale ndi chimanga chake popanda wogula. Uthenga umagwira ntchito akauphatikiza ndi mtengo wa galimoto. Pa chitsanzo chija, wodziwa kuti ku Lusaka ndi K300 ndipo zolipira zonse ndi K80 amadziwa kuti wogula sangapitirire K220, ndipo kuti amene akupereka K150 akufuna kudya K70 pa thumba. Apa ndi pamene kukambirana kumayambira. Mphamvu yeniyeni imabwera alimi makumi awiri akasonkhanitsa matumba okwana kudzaza lole, chifukwa pamenepo mawu akuti akagulitsa okha ku tawuni amakhala oti angachitikedi, ndipo mtengo wa ulendo pa thumba limodzi umatsika. Uthenga wa mitengo ya lero sunenanso za mu Januwale. Pa funso la kusunga, zothandiza kwambiri ndi mbiri ya mitengo ya zaka zapitazo pa msika wapafupi, chiyerekezo cha zokolola za dziko chimene boma limalengeza cha mu Meyi, ndi nkhani yakuti malire ndi otsegula kapena otseka.

Kusunga ndi mtengo wake

Kasungidwe kalikonse kamayamba ndi kuumitsa. Chimanga cholowa m'thumba chiyenera kukhala ndi chinyezi chosaposa 13 peresenti kapena kuchepera apo. Popanda makina oyezera, alimi amaluma diso la chimanga, ndipo louma limathetheka ndi phokoso pamene lachinyezi limaphwanyika mofewa. Njira ina ndi kuthira chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma lagalasi, kutseka ndi kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikufunabe dzuwa. Chachinyezi chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa afulatokisini amene kuphika sikumuchotsa.

Pali njira zitatu zofala zotetezera chimanga chotonola. Yoyamba ndi mankhwala a ufa, monga akiteliki, osakanizidwa bwino ndi chimanga pa muyezo wolembedwa pa botolo. Mphamvu yake imachepa pakapita miyezi ingapo, ndipo imalephera msanga ngati mankhwalawo ndi achinyengo, akale kapena ochepetsedwa kuti akwanire matumba ambiri. Yachiwiri ndi matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America poyamba posungira khobwe ku Cameroon. Thumba lotere lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha mpweya utafinyidwa. Tizilombo timene tili mkati timamaliza mpweya wotsalawo, kenako timasiya kudya ndi kuswana n'kufa, popanda mankhwala. Kabowo kamodzi ka khoswe, ka minga kapena ka kachitsononkho kotsalira kamawononga zonse, ndipo kutsegulatsegula kukatapa chimanga chopita kuchigayo kumalowetsa mpweya watsopano. Thumba limene lalephera limadziwika ndi ufa pansi pake ndi kutentha kwa chimanga munthu akapisamo dzanja. Yachitatu ndi nkhokwe zolimba, zachitsulo kapena za njerwa ndi simenti zimene kuchigwa cha Zambezi amazitcha felumbu, ndipo izi zimapirira njovu kuposa zansungwi. Mtengo wake woyambira ndi waukulu.

Ngati kusunga kukupindulitsa kapena ayi kumaoneka pa kawerengedwe, ndipo apanso manambala ndi ongoyerekeza. Banja lili ndi matumba 10 amene lingagulitse mu Juni pa K200, n'kulandira K2,000. Likasankha kusunga mpaka mu Januwale, limagula matumba osalowa mpweya 10 pa K30 lililonse, ndipo popeza amagwira ntchito zaka zitatu, mtengo wa chaka chimodzi ndi K100. Kuumitsitsa kumachepetsa kulemera ndi 3 peresenti, motero patsala matumba 9.7. Mtengo ukafika pa K340, banjalo limalandira pafupifupi K3,300, ndipo phindu la kudikira ndi K1,200. Likasunga popanda chitetezo, n'kutaya matumba awiri, otsala ofumbwawo n'kugulidwa pa K300, limalandira K2,400, ndipo phindu latsika kufika pa K400. Thumba labwino lapulumutsa K800.

Koma banjalo limafuna K2,000 ija mu Juni. Likakongola ku gulu losunga ndi kubwereketsa pa 5 peresenti pamwezi, miyezi isanu ndi iwiri imadya K700, ndipo phindu limatsala K500. Likakongola kaloba wa 20 peresenti pamwezi, chiwongola dzanja chokha ndi K2,800, ndipo kusunga kwasanduka kutaya. Pa ngongole ya 5 peresenti ija, mtengo wa mu Januwale uyenera kupitirira K289 kuti banjalo lingobweza zake. Ukangofika pa K230, latayapo K570 ndipo ngongole ikudikirabe. Thumba lomwelo, chimanga chomwecho ndi mudzi womwewo zimapereka phindu kapena chitayiko malinga ndi mtengo wa ndalama yokongola.

Zimenezi zinayesedwa ku Bungoma, kumadzulo kwa Kenya, kumene bungwe la One Acre Fund linapereka ngongole kwa alimi atangokolola, chikole chake chili chimanga chosungidwa pakhomo. Marshall Burke, Lauren Bergquist ndi Edward Miguel anafalitsa mu 2019 kuti olandira ngongolewo anagulitsa chochepa pa kholola, anasunga chambiri, ndipo ndalama yokongolayo inabweza phindu la pafupifupi 29 peresenti. Anapezanso chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri. M'madera amene ngongole zinaperekedwa kwa anthu ambiri, mtengo wa pa kholola unakwererapo ndipo wa m'miyezi ya njala sunakwere kwambiri, motero phindu la wosunga aliyense linachepa, pamene anansi awo osakongola anapindula pogulitsa mokwererapo ndi kugula motsikirapo. Kusunga kukafalikira kumadya phindu lake lomwe, ndipo zabwino zake zimagawikana m'mudzi wonse. Kwa dera logula chakudya ngati la Mburuma, mbali imeneyi ndi yaikulu kuposa phindu la munthu mmodzi.

Kufupi ndi kuno, m'boma la Chipata, Günther Fink, Kelsey Jack ndi Felix Masiye anayesa mbali ina ya vuto lomweli m'midzi 175, popereka ngongole yaing'ono ya chimanga kapena ya ndalama m'miyezi ya njala, yobweza pa kholola. Mabanja olandira anachepetsa ganyu, anathera masiku ambiri m'minda yawo ndipo anakolola zochulukirapo. Izi zikusonyeza kumene kugulitsa kwa mu Juni kumathera: amene chimanga chamuthera mu Disembala amapalira munda wa wina pamene wake ukumera udzu, ndipo kholola lotsatira limayamba lili lochepa kale.

Zaka zimene mtengo sukwera

Kawerengedwe konse ka kusunga kamatsamira pa chiyembekezo chakuti mtengo udzakwera, ndipo zaka zina sukwera. Lila Cardell ndi Hope Michelson anasanthula mitengo ya chimanga ya zaka zambiri m'misika ya mayiko ambiri a mu Africa, ndipo anapeza kuti pafupifupi kamodzi pa nyengo zisanu ndi imodzi zilizonse mtengo wa m'miyezi ya njala sunapose wa pa kholola. Zambia inaona chaka chotere mu 2017. Dziko linakolola matani pafupifupi 3.6 miliyoni, linali ndi chimanga chotsala chifukwa cha chiletso chogulitsa kunja cha chaka cham'mbuyo, ndipo mayiko oyandikana nawo anali atakololanso bwino. FRA inatsitsa mtengo wake kuchoka pa K85 kufika pa K60, ndipo mitengo ya pamsika inakhala pansi kwa miyezi yambiri. Chaka cha 2024 chinali chosiyana kotheratu. Mvula inadula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo zokolola zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kuchoka pa oposa 3 miliyoni a chaka cham'mbuyo. Amene anali ndi chimanga anachigulitsa bwino, koma kuchigwa kunalibe chosunga. Pamenepa pali chopinga chokhazikika: chaka chimene nkhokwe zadzaza ndi chimene mtengo umakwera pang'ono, ndipo chaka chimene mtengo ukulumpha ndi chimene nkhokwe zili zopanda kanthu. Zochita za boma, monga kutseka malire mwadzidzidzi kapena kutulutsa chimanga chotsika mtengo kupatsa zigayo, zimawonjezera chikaiko, ndipo banja losauka limaopa chaka chimodzi chotaya kuposa mmene limakondwera ndi zaka zisanu zopindula.

Njira imene inakonzedwa kuti ilumikize kusunga, ngongole ndi uthenga wa mitengo ndi ya malisiti a nyumba zosungiramo mbewu. Mlimi amapereka chimanga ku nyumba yovomerezeka, chimayezedwa ndi kupatsidwa giredi, ndipo amalandira lisiti limene angapereke ku banki ngati chikole kapena kuligulitsa mtengo ukakwera. Mu Zambia njirayi inaikidwa m'lamulo la ngongole za ulimi la 2010, ndipo mu 2014 boma linapatsa msika wa mbewu wa ZAMACE udindo wovomereza ndi kuyang'anira nyumbazo. Alimi ang'onoang'ono amene alowamo ndi ochepa. Nyumba zovomerezeka zili m'madera olima kwambiri, lendi ndi kuyeza zimalipiridwa, mabanki amakayika kukongoza pa mbewu imene mtengo wake ungagwetsedwe ndi chilengezo chimodzi cha boma, ndipo matumba asanu sakwanira kulipira ulendo wopita kumeneko. Kwa mlimi wa kwa Mburuma njirayi ili ndi vuto linanso. Chimanga chake chidzafunika m'mudzi momwemo mu Januwale, motero kuchitumiza makilomita mazana kukasungidwa n'kulipira mtunda uja kawiri. Chimene chimagwirizana ndi dera lotere ndi nkhokwe ya pakhomo kapena ya gulu m'mudzi, yokhala ndi kaundula wa matumba a munthu aliyense ndi makiyi osungidwa ndi anthu osiyana, yolumikizidwa ndi thumba la ndalama zobwereketsa limene limatsegulidwa mu Juni n'kubwezedwa mu Januwale. Magulu ambiri osunga ndi kubwereketsa amafuna ngongole ibwezedwe pa mwezi umodzi kapena itatu, ndipo amagawana ndalama zawo kumapeto kwa chaka kuti agule mbewu ndi feteleza, motero ngongole ya chimanga chosungidwa imafuna kuti gululo lisinthe kalendala yake isanayambe kuperekedwa.